Kalembedwe ka manambala aakulu ndi aang'ono kwambiri, ndi mmene timawachulukitsira

Pa pepala la zotsatira za magazi, monga limene limatuluka mu labotale ya chipatala ku Tete kapena ku Ulongwe, pamakhala manambala awiri ovuta kuwalemba ndi maziro ake onse. Lita imodzi ya magazi a munthu wamkulu wathanzi imakhala ndi maselo ofiira pafupifupi 5 000 000 000 000. Selo limodzi lofiira limatenga malo okwana pafupifupi 0,00000000000009 a lita. Mukachulukitsa awiriwa mumapeza gawo la magazi limene ladzaza ndi maselo ofiira, ndipo yankho lake ndi nambala wamba, 0,45. Koma amene angayese kuchulukitsa ali ndi maziro onsewo pamzere, akangophonya ziro mmodzi yankho limakula kapena kuchepa kakhumi, ndipo palibe chimene chimamuchenjeza.

N'chifukwa chake a labotale, a zamagetsi ndi aphunzitsi a sayansi amalemba nambala yoyambayo 5 × 10¹², yachiwiriyo 9 × 10⁻¹⁴. Kusekondale kuno amati notasau siyentifika, ndipo amene anaphunzira ku Malawi amati sitandadi fomu. M'nkhani ino tigwiritsa ntchito vigula polekanitsa nambala yathunthu ndi tizigawo take, monga amalembera m'masukulu a ku Mozambiki, kotero 0,45 ndi yochepera pa theka.

Mutu ndi kanambala kapamwamba

Nambala yolembedwa chonchi ili ndi mbali ziwiri. Mbali yakumanzere, imene tiitchule kuti mutu, iyenera kukhala 1 kapena kupitirira, koma osafika 10. Tanthauzo lake n'lakuti kumanzere kwa vigula kumakhala dijiti imodzi yokha, ndipo dijitiyo isakhale ziro. Mbali yakumanja ndi 10 amene wasenza kanambala kapamwamba. Mutu umanena madijiti, kanambala kapamwamba kamanena kukula.

Ambiri anaphunzitsidwa kuti kanambala kapamwamba ndi chiwerengero cha maziro. Zimenezi zimagwira pa manambala ngati 5 000 000 000 000, koma zimasokeretsa pa ena. Makina asanu opanga magetsi ku Cahora Bassa, pafupi ndi Songo, lililonse limatha kupanga mamegawati 415, ndipo onse pamodzi ndi mamegawati 2 075. Megawati imodzi ndi mawati miliyoni, kotero ndi mawati 2 075 000 000. Maziro a kumapeto alipo 6, koma nambalayi imalembedwa 2,075 × 10⁹. Chimene timawerenga ndi malo amene vigula yadumpha. Vigula ya nambala yathunthu imakhala kumapeto kwenikweni ngakhale sitiilemba, ndiye timaisuntha kupita kumanzere mpaka itakhala pambuyo pa dijiti yoyamba. Pano yadumpha malo 9. Njira yachidule yotsimikizira ndi iyi: werengani madijiti onse a nambala yathunthuyo n'kuchotsapo imodzi. Madijiti ali 10, kanambala kapamwamba ndi 9.

Pa manambala aang'ono vigula imalowera kumanja, ndipo kanambala kapamwamba kamatenga mainasi. Selo lofiira ndi lotambalala pafupifupi 0,0000075 a mita. Kuti vigula ifike pambuyo pa 7 iyenera kudumpha maziro asanu ndi 7 yemweyo, malo 6 onse pamodzi, ndiye timalemba 7,5 × 10⁻⁶. Apa ndi pamene owerenga maziro amagwa kawirikawiri. Amaona maziro asanu kumanja kwa vigula n'kulemba 10⁻⁵, selolo n'kukula kakhumi.

Mainasi ya pa kanambala kapamwamba sikutanthauza kuti nambalayo ili pansi pa ziro ngati ngongole. 10⁻¹ ndi 1 kugawa ndi 10, 10⁻² ndi 1 kugawa ndi 100, 10⁻³ ndi 1 kugawa ndi 1 000. Onsewa ndi manambala opitirira ziro, kungoti ndi ochepera 1. Mukatsika kuchoka pa 10³ kupita pa 10², kenako 10¹, nthawi iliyonse mukugawa ndi 10, ndipo mukapitiriza mumafika pa 10⁰, amene ndi 1, kenako 10⁻¹. Chotsatira chake n'chakuti 10⁻³ ndi wamkulu kuposa 10⁻⁶ ngakhale 6 amaposa 3. Mfundo imeneyi ikakhazikika m'mutu, zambiri zimene zikubwerazi zimayenda zokha.

Ife a m'malire tili ndi chifukwa china chokondera kalembedweka. Buku lochokera kutsidya kwa Zobwe kapena ku Dedza limalemba 2,075 potanthauza zikwi ziwiri ndi 75, ndipo kadontho ndiko kamalekanitsa tizigawo. Chikalata cha Chipwitikizi chimachita mosinthanitsa: 2.075 ndiye zikwi ziwiri ndi 75, pamene 2,075 ndi 2 ndi kachigawo. Munthu akatenga nambala m'buku lina n'kuiwerenga ndi maso a buku linalo amaphonya kachikwi. Nambala ikalembedwa ndi × 10⁹ pambali, kukayika kumatha, popeza chizindikiro chobwera pambuyo pa dijiti yoyamba, kaya ndi kadontho kaya vigula, chimagwira ntchito imodzi basi. N'chimodzimodzi ndi biliyoni. Pa wailesi za ku Malawi biliyoni ndi 10⁹. M'Chipwitikizi cha ku Portugal nambala imeneyo amaitchula mamiliyoni chikwi, ndipo liwu lawo lofanana ndi biliyoni limaimira 10¹², pomwe ku Brazil liwu lomwelo ndi 10⁹. Wolemba 10⁹ sasowa kufunsidwa kuti akutsata a kuti.

Chifukwa chake timanambala tapamwamba timaphatikizidwa

Tengani 100 × 1 000. Yankho ndi 100 000. Tikalemba mwachidule ndi 10² × 10³ = 10⁵. 10² ndi mateni awiri ochulukitsana, 10³ ndi mateni atatu ochulukitsana, ndipo mukawaika pamzere umodzi mateniwo akhala asanu. Lamulo lonse lagona pamenepo: pochulukitsa, timanambala tapamwamba timaphatikizidwa. Amene amachulukitsanso timanambalato n'kulemba 10⁶ ayese kaye pa 100 × 1 000, aona kuti si miliyoni.

Ntchito yake imayenda chonchi. Mumachulukitsa mitu payokha, mumaphatikiza timanambala tapamwamba patokha, kenako mumayang'ana ngati mutu watsopanowo ukadali pansi pa 10. Ukafika 10 kapena kupitirira mumaukonza. Pomaliza mumadula madijiti owonjezera ndi kulemba muyeso wake.

Tiyese pa Cahora Bassa. Funso ndi lakuti, makina onse asanu atagwira ntchito mosapuma chaka chathunthu, angapange magetsi ochuluka bwanji? Chaka cha masiku 365 chili ndi maola 365 × 24, omwe ndi 8 760, kapena 8,76 × 10³.

(2,075 × 10⁹) × (8,76 × 10³)

Mitu: 2,075 × 8,76 = 18,177. Timanambala tapamwamba: 9 + 3 = 12. Tapeza 18,177 × 10¹². Yankholi si lolakwika, koma silinamalizidwe, chifukwa mutu wapitirira 10. Timasuntha vigula malo amodzi kumanzere kuti ukhale 1,8177. Potero mutu tauchepetsa kakhumi, ndiye kuti nambala yonse isasinthe mbali inayo iyenera kukula kakhumi, ndipo 12 amasanduka 13. Yankho ndi 1,8177 × 10¹³ Wh, muyeso umene umabwera pochulukitsa mawati ndi maola, ndipo popeza maola tinawalemba ndi madijiti atatu tinganene kuti 1,82 × 10¹³ Wh.

Mayuniti amene timagula a Credelec ndi kWh, ndipo kWh imodzi ndi 10³ Wh. Kuti tisinthe timachulukitsa ndi 10⁻³, ndiye 13 + (−3) = 10, yankho n'kukhala 1,82 × 10¹⁰ kWh. Dziwani kuti awa ndi malire a pamwamba. Makina amaimitsidwa kuti akonzedwe, ndipo madzi a m'Zambezi sakhala ofanana chaka chilichonse, kotero magetsi enieni a pachaka amakhala ochepera pamenepa. Koma nambalayi ili ndi ntchito yake. Mukawerenga penapake kuti damuli lapanga 10¹² kWh pachaka, mudziwiretu kuti wolembayo wasokoneza muyeso, chifukwa zimenezo n'zoposa malirewo maulendo opitirira 50.

Pali chinthu chimodzi chothandiza chimene mabuku satchula kawirikawiri. Ngati mitu yonse iwiri inalembedwa bwino, uliwonse uli pakati pa 1 ndi 10, zotsatira zake sizingatsike pansi pa 1 ndipo sizingafike 100. Ndiye pochulukitsa manambala awiri, kukonza kumakhala kwa sitepe imodzi yokha kapena kulibiretu, ndipo kukakhalapo nthawi zonse ndi kuwonjezera 1 pa kanambala kapamwamba. Mukapezeka kuti mukuchotsapo, kapena mukusuntha vigula malo awiri, bwererani m'mbuyo, chifukwa imodzi mwa manambala amene munayamba nawo sinali m'malo mwake.

Yaikulu ikakumana ndi yaing'ono

Tibwere tsopano pa magazi, pakuti apa ndi pamene pamaterera. Makina a mu labotale amasindikiza chiwerengero cha maselo ofiira pa mzere wa `RBC`, ndi kukula kwa selo limodzi pa mzere wa `MCV`. Tinene kuti `RBC` ndi 5,0 × 10¹² pa lita, `MCV` ndi 90 fL. Chilembo f chikuimira femto, kutanthauza 10⁻¹⁵, ndiye 90 fL ndi 90 × 10⁻¹⁵ a lita.

Tisanachulukitse n'komwe, tiyenera kukonza 90 × 10⁻¹⁵. Mutu uchepe kakhumi kukhala 9,0, kanambala kapamwamba kakwere ndi 1. Kukwera kuchoka pa −15 ndi kupita pa −14, osati −16. Dzanja limafuna kulemba 16 chifukwa linazolowera kuti pambuyo pa 15 pamabwera 16, koma pansi pa ziro kukwera ndi kuyandikira ziro. Lembani sitepeyo poyera nthawi zonse, −15 + 1 = −14, m'malo moichita pamtima.

(5,0 × 10¹²) × (9,0 × 10⁻¹⁴)

Mitu: 5,0 × 9,0 = 45. Timanambala tapamwamba: 12 + (−14) = −2. Tapeza 45 × 10⁻². Mutu wapitirira 10, ndiye ukhala 4,5 ndipo −2 + 1 = −1. Yankho ndi 4,5 × 10⁻¹, kapena 0,45, ndiye kuti 45 peresenti ya magaziwo ndi maselo ofiira. Imeneyi ndi nambala imene imaoneka pa mzere wa `HCT`, ndipo makina ambiri amaipeza mwa kuchulukitsa komweku.

Amene akukayika pa sitepe yomalizayo aganize za ndalama. Sentavu imodzi ndi 10⁻² ya metikali, kotero 45 × 10⁻² ndi masentavu 45, omwe ndi 0,45 ya metikali. Ndalama yachitsulo ya masentavu 10 ndi 10⁻¹ ya metikali, ndipo masentavu 45 ndi ndalama zoterozo zinayi ndi theka, 4,5 × 10⁻¹. Ndalama m'manja sizinasinthe, zangowerengedwa m'milu ikuluikulu, ndiye chiwerengero cha milu chatsika.

Mayankho olakwika pa samu iyi amadziwika ndi nkhope zawo, ndipo mphunzitsi wozolowera amangoona yankho n'kudziwa pamene mwana wapunthwa. Wolemba 4,5 × 10⁻³ anachulukitsa bwino koma pokonza mutu anatsika m'malo mokwera. Onani kuti kulakwitsa kumeneku sikuphonya kakhumi, kumaphonya ka 100, chifukwa wapita sitepe imodzi kolakwika pamene amayenera kupita sitepe imodzi kolondola. Wolemba 4,5 × 10⁻² anasuntha vigula n'kuiwala kukhudza kanambala kapamwamba. Wolemba 45 × 10²⁶ sanaione mainasi, anangophatikiza 12 ndi 14. Wolemba 45 × 10² anachotsera bwino koma anataya chizindikiro. Ndipo wofika pa 10⁻¹⁶⁸ anachulukitsa 12 ndi 14.

Onsewa akanagwidwa ndi funso limodzi: kodi chimene ndikuwerengerachi chingakhale chotere? Gawo la magazi silingapose magazi onse, ndiye yankho lililonse lopitirira 1 latha pomwepo. 4,5 × 10⁻³ ndi yosakwana theka la peresenti imodzi, ndipo munthu wamoyo sakhala ndi magazi otero. Kwa ife, kufunsa funso limeneli n'kofunika kuposa kubwereza samuyo kachiwiri, chifukwa wobwereza kawirikawiri amadutsa njira yomweyo n'kugwa pamalo pomwepo.

Tichite ina ya manambala osakongola, ngati a wodwala wochepa magazi amene maselo akenso ndi aang'ono. `RBC` ndi 3,2 × 10¹² pa lita, `MCV` ndi 68 fL, amene ndi 6,8 × 10⁻¹⁴ a lita. Musanagwire kakyuleta yerekezani: 3 × 7 ndi 21, ndipo 12 + (−14) ndi −2, ndiye yankho likhala chapafupi ndi 0,21. Tsopano zenizeni: 3,2 × 6,8 = 21,76, kotero 21,76 × 10⁻², imene ndi 2,176 × 10⁻¹. Manambala onse awiri amene tinayamba nawo anali ndi madijiti awiri odalirika, ndiye yankho nalonso liyenera kukhala ndi awiri, 2,2 × 10⁻¹, kapena 22 peresenti. Kulemba 21,76 peresenti ndi kunamizira kulondola kumene muyeso woyambawo unalibe. Lamulo lake n'lakuti yankho la kuchulukitsa limatsata nambala imene ili ndi madijiti odalirika ochepa. Dulani kamodzi kokha, kumapeto, osati pa sitepe iliyonse.

Kalembedweka kamathandizanso pomwepa. Wina akalemba 5 000 000, simungadziwe ngati anayeza mpaka dijiti yomaliza kapena anangoyerekeza. Akalemba 5 × 10⁶ akunena kuti akudziwa dijiti imodzi, akalemba 5,00 × 10⁶ akunena kuti akudziwa atatu. Choncho ziro wa pa 5,0 si wokongoletsa, musamufufute.

Msampha wina si wa masamu, ndi wa muyeso. Makina ena amasindikiza `RBC` ngati 5,0 × 10⁶ pa µL m'malo mwa 5,0 × 10¹² pa lita. Ndi chinthu chimodzi, chifukwa lita ili ndi ma µL okwana 10⁶, ndipo 10⁶ × 10⁶ = 10¹². Mutu susintha, n'chifukwa chake maso sazindikira msanga. Koma mukatenga 5,0 × 10⁶ n'kuchulukitsa ndi 9,0 × 10⁻¹⁴ wa lita, mupeza 4,5 × 10⁻⁷, yankho lochepa kamiliyoni. Samu yayenda bwino, koma mwachulukitsa zinthu zoyezedwa ndi miyeso yosiyana. Lembani muyeso pambali pa nambala iliyonse, ndipo musayambe kuchulukitsa mpaka miyesoyo itagwirizana.

Manambala aang'ono awiri akakumana palibe chachilendo. (4 × 10⁻³) × (6 × 10⁻⁶) amapereka 24 × 10⁻⁹, imene ndi 2,4 × 10⁻⁸. Ena amakumbukira zoti mainasi kuchulukitsa ndi mainasi amabala pulasi, n'kulemba 10⁹ kapena 10¹⁸. Lamulo limenelo ndi la kuchulukitsa, pamene timanambala tapamwamba tikuphatikizidwa, ndipo −3 + (−6) ndi −9. Kachigawo ka kachigawo kamayenera kuchepa.

Zonsezi ndi za kuchulukitsa. Pophatikiza manambala lamulo ndi lina: 3 × 10⁶ + 4 × 10⁵ si 7 × 10¹¹. Muyenera kufananitsa kaye timanambala tapamwamba, 3 × 10⁶ + 0,4 × 10⁶, ndipo yankho ndi 3,4 × 10⁶.

Pa kakyuleta ndi pa kompyuta

Kakyuleta ya sayansi ili ndi batani lolembedwa `EXP`, `EE` kapena `×10ˣ`. Batani limeneli likuimira kale mawu onse akuti kuchulukitsa ndi 10 wosenza kanambala. Kuti mulowetse 5 × 10¹² mumadina 5, batanilo, kenako 12, basi. Ambiri amadina 5, ×, 10, kenako batanilo ndi 12. Makina amamva kuti 5 × 10 × 10¹², ndipo yankho limakula kakhumi. Mukalakwitsa chonchi pa manambala onse awiri limakula ka 100. Chizindikiro chake n'chakuti madijiti onse amakhala olondola, kanambala kapamwamba kokha ndiko kamapitirira ndi 1 kapena 2 poyerekeza ndi kamene munapeza pamanja. Pa mainasi ya kanambala kapamwamba gwiritsani ntchito batani la `(−)` kapena `+/−`, chifukwa makina ena batani lochotsera amalikana pamenepo. Ndipo ngakhale kusukulu mumalemba vigula, pa makina ambiri batani lake ndi kadontho.

```
5 EXP 12 × 9 EXP (−) 14 =
```

Powerenga yankho pamafunikanso maso. Makina ena amaonetsa `1.8E13`, ndipo akalekale amangoonetsa 1.8 ndi ka 13 kakang'ono pakona, osalemba 10. Wophunzira amakopera m'kope 1,8¹³, imene ndi nambala ina kotheratu: 1,8 wochulukitsidwa yekha maulendo 13 ndi pafupifupi 2 082, pamene 1,8 × 10¹³ ndi 18 000 000 000 000. Wina amangokopera 1.8 osaona n'komwe za pakonapo. Makakyuleta ambiri a kusukulu amathera pa kanambala kapamwamba 99, ndiye yankho likapitirira pamenepo amaonetsa kuti palakwika, ndipo likachepa kupitirira −99 amangolemba 0. Ziro ameneyo si weniweni, ndipo pamanja samu yomweyo imatheka popanda vuto.

Mu Excel ndi mapulogalamu ena a matebulo, chilembo E chimagwira ntchito ya batani lija.

```
=5E12*9E-14
=3,2E12*6,8E-14
```

Mzere wachiwiriwo ndi wa kompyuta yoikidwa m'Chipwitikizi. Yoikidwa m'Chingerezi imafuna kadontho, ndipo mukasokoneza ziwirizi pulogalamu imakana, kapena imatenga nambalayo ngati mawu wamba kapena ngati tsiku la pa kalendala.

Excel imasintha yokha nambala ya madijiti 12 kapena kuposa n'kuionetsa ngati `1,23457E+11`, ndipo imasunga madijiti 15 okha oyambirira, otsalawo n'kuwasandutsa maziro. Pa miyeso zimenezi sizipweteka, chifukwa palibe amene amayeza magazi kapena magetsi mpaka dijiti ya nambala 16. Koma pa manambala amene ali mayina, monga kodi ya madijiti 20 ya Credelec, dijiti iliyonse ndi yofunika. Mukailemba m'kabokosi wamba, madijiti asanu omaliza amatayika, ndipo kukulitsa kabokosiko kapena kusintha maonekedwe ake pambuyo sikuwabweza. Musanalembe, kabokosiko kaikeni kuti ndi ka mawu, kapena yambani ndi chizindikiro cha `'` kenako nambalayo.